Mmene Mungawerengere Mapuloteni a mu Usipa Wouma Poyerekeza ndi Nsomba Zaziwisi

Munthu akawerenga kuti magalamu 100 a usipa wouma ali ndi mapuloteni opitirira magalamu 60, pamene magalamu 100 a usipa wauwisi ali ndi magalamu 18 okha, angaganize kuti dzuwa limawonjezera chinachake m'nsomba ikakhala pa thandala. Zoona zake n'zakuti dzuwa ndi mphepo zimangochotsa madzi, ndipo mapuloteni amene nsombayo inatuluka nawo m'nyanja ndi omwewo amene amatsala, kungoti tsopano apanikizana m'nsomba yopepuka kwambiri. Amene wamvetsa mfundo imeneyi akhoza kuwerengera yekha mapuloteni a mu usipa, matemba, utaka kapena kapenta amene wagula, pogwiritsa ntchito sikelo ndi masamu ochepa, ndipo akhoza kudziwa ngati kilogalamu ya nsomba zouma ikuposadi nsomba zaziwisi za mtengo womwewo. M'malangizo ano nditenga usipa wa m'nyanja ya Malawi ngati chitsanzo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popeza ndi umene umafika m'makomo ambiri, koma njirayi ndi imodzimodzi pa matemba a ku Chilwa ndi pa kapenta wa ku Kariba kapena ku Tanganyika.

Zofunika kukhala nazo

Mufunika sikelo ya digito yotha kuwerenga galamu imodziimodzi, yonga imene ogulitsa zophikira makeke amagwiritsa ntchito. Sikelo yopachika ya pamsika, imene imalumpha magalamu 50 kapena 100 nthawi imodzi, ingathandize poyeza thumba lathunthu, koma siingakuuzeni kusiyana kwa magalamu 88 ndi magalamu 82, pamene kusiyana kotereku ndi kumene tikufuna. Mufunikanso mbale yachitsulo yosazama, beseni, sefa kapena lichero, kope lolembamo, ndiponso uvuni ngati muli nawo. Pomaliza mufunika manambala awiri a nsomba yaiwisi, a madzi ndi a mapuloteni, ochokera m'buku lofotokoza zimene zili m'zakudya. Dziko la Malawi linatulutsa buku lake loyamba lotere mu 2019, ndipo alangizi a kadyedwe kabwino amalidziwa.

Choyamba: pezani manambala a nsomba yaiwisi ndipo muwayese ngati akugwirizana

Nsomba yaiwisi imakhala ndi zinthu zinayi zoti n'kuziwerenga, zomwe ndi madzi, mapuloteni, mafuta, ndi mchere wa m'mafupa ndi m'mamba umene akatswiri amautcha phulusa chifukwa ndi umene umatsala nsomba ikapsereratu m'ng'anjo. Sitachi ndi shuga n'zochepa kwambiri m'nsomba moti tikhoza kuzinyalanyaza. Pa nsomba zambiri madzi amakhala pakati pa 70 ndi 80 peresenti, ndipo mapuloteni amakhala pakati pa 16 ndi 20 peresenti. Pa chitsanzo chathu titenga usipa wauwisi wokhala ndi madzi 75 peresenti ndi mapuloteni 18 peresenti, manambala amene ali pakatikati pa malire amenewa. Ngati buku lanu likupereka ena, gwiritsani ntchito amenewo ndipo mutsate masamu omwewa.

Musanapitirire, phatikizani manambala awiriwo n'kuona chimene chatsala pa 100. Apa 75 kuphatikiza 18 ndi 93, ndiye kuti 7 yotsalayo ndi ya mafuta ndi phulusa, ndipo zimenezi n'zomveka pa kansomba kodyedwa ndi mafupa omwe. Ndikukakamira pa kuyesa kumeneku chifukwa cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi cha munthu amene watenga nambala ya madzi m'buku lina ndi nambala ya mapuloteni m'buku lina. Akatenga madzi 80 peresenti pamodzi ndi mapuloteni 19 peresenti, pamatsala 1 yokha ya mafupa onse ndi mafuta onse, zimene sizingatheke pa usipa wathunthu, ndipo yankho lake lomaliza limakwera kupitirira magalamu 80, iye osadziwa kuti linasokonekera pachiyambi penipeni. Manambala awiriwa azichokera pa mzere umodzi wa buku limodzi, ndipo muonetsetse ngati mzerewo ukunena za nsomba yathunthu kapena za mnofu wokha.

Tsopano chotsani madziwo pa 100 kuti mupeze chimene ndidzachitcha gawo louma, kutanthauza zonse zimene zingatsale madzi atachokeratu. Pa usipa wathu gawo louma ndi magalamu 25 pa magalamu 100 alionse, ndipo mwa magalamu 25 amenewa, 18 ndi mapuloteni. Nambala imeneyi ndiyo mlatho pakati pa nsomba yaiwisi ndi youma, chifukwa madzi amalowa ndi kutuluka, koma gawo louma silisintha pokhapokha chinachake chitaidya nsombayo kapena kuithothola.

Chachiwiri: dziwani madzi amene atsala m'nsomba youma

Nsomba imene timaitcha youma imakhala isanaumiretu. Usipa woumitsidwa bwino pa dzuwa umasungabe madzi apakati pa 10 ndi 15 peresenti, ndipo wochotsedwa msanga pa thandala, kapena woumitsidwa m'masiku a mitambo, ukhoza kukhala ndi 20 peresenti kapena kupitirira. Pali njira ziwiri zodziwira, malingana ndi kuti nsombayo mwaumitsa nokha kapena mwagula.

Ngati mukuumitsa nokha, ntchito yafupika kwambiri. Ikani usipa wauwisi mu sefa kwa mphindi khumi kuti madzi a pamwamba adonthe, popeza madzi a m'bwato ndi otsukira sali mbali ya nsombayo, kenaka muyeze kulemera kwake ndi kulemba. Yanikani monga mwa nthawi zonse, ndipo pomaliza musonkhanitse zonse, ndi timitu tothothoka tomwe, n'kuyezanso. Tiyerekeze kuti munayanika magalamu 2,000 ndipo mwatola magalamu 570. Mapuloteni amene munayanika anali 18 peresenti ya 2,000, kutanthauza magalamu 360, ndipo akadali momwemo. Gawani 360 ndi 570 n'kuchulukitsa ndi 100, ndipo mupeza kuti magalamu 100 alionse a usipa woumawo ali ndi mapuloteni okwana magalamu 63. Njira imeneyi imanama pokhapokha akhwangwala, amphaka kapena ana a pafupi atatapako pa thandala, chifukwa pamenepo kulemera kumatsika pa chifukwa china osati madzi, ndipo masamu amakupatsani nambala yokwera kuposa yeniyeni. Ngati magalamu 2,000 abwerera 400, musakondwe kuti usipa wauma bwino, popeza gawo louma lokha linayenera kukhala magalamu 500, ndipo palibe dzuwa limene lingatsitse nsomba kupitirira pamenepo.

Ngati nsombayo mwagula, muyenera kuumitsa pang'ono pokha mpaka madzi atheretu kuti muone kuchuluka kwa amene anatsalamo. Tapani m'malo atatu a thumba, pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa pansi ndi pamene pamasonkhana chinyontho, mchenga ndi zophwanyika. Sakanizani, sinjani pang'ono mu mtondo woyera kuti madzi a m'kati atuluke msanga, ndipo muyeze magalamu 100 ndendende m'mbale yachitsulo imene mwayamba mwaiyeza ili yopanda kanthu. Ikani mu uvuni wotentha madigiri 105, kutentha kumene a ku labotale amagwiritsanso ntchito poyeza chinyontho, chifukwa kumangopitirira pang'ono pamene madzi amawirira ndipo sikupsereza chakudyacho. Pakatha maola atatu tulutsani, vundikirani mbaleyo kuti isayamwe chinyontho cha mu mpweya pozizira, ndipo ikazizira muyeze. Bwezerani mu uvuni kwa ola lina n'kuyezanso, ndipo mupitirize chomwecho mpaka sikelo itapereka nambala imodzimodzi kawiri motsatizana. Ngati yaima pa magalamu 88, ndiye kuti madzi anali 12 peresenti ndipo gawo louma ndi 88.

Ena amayesa kuchita zimenezi m'chiwaya pa mbaula. N'zotheka ngati makala ali ofooka kwambiri ndipo mukutakasa osaleka, koma nsomba ikayamba kuda ndi kufuka utsi, mwayamba kuotcha mafuta ndi mnofu, ndipo kulemera kumene kukutayika sikulinso kwa madzi okha. Ine ndimakonda kungodalira manja kusiyana n'kudalira chiwaya chopserera. Usipa umene ukuthyoka pouthyola, ukulira m'manja mukaufumbata, ndipo sukukakamira ku zala, muuwerengere madzi 12 peresenti. Umene ukupindika osathyoka, wofewa pamimba ndiponso wozizirira mukaugwira, muuwerengere 20 peresenti. Kuyeza kwa manjaku n'kongoyerekeza, koma mudzaona posachedwa kuti kuphonya ndi mapointi awiri kapena atatu pa nsomba youma sikusokoneza kwenikweni yankho.

Chachitatu: werengerani

Masamu onse agona pa mzere umodzi uwu:

```
mapuloteni a youma = mapuloteni a yaiwisi × (100 − madzi a youma) ÷ (100 − madzi a yaiwisi)
```

Tikaikamo manambala athu tipeza izi:

```
18 × 88 ÷ 25 = 63.4
```

Yankholi likufanana ndi lija tinapeza poyanika tokha, ndipo liyenera kutero, popeza njira ziwirizi zikufunsa funso limodzi. Kugawa 88 ndi 25 kukutipatsa 3.5, ndipo nambala imeneyi ndi yofunika kuisunga pamtima, chifukwa ikutiuza kuti pamafunika makilogalamu atatu ndi theka a usipa wauwisi kuti papezeke kilogalamu imodzi ya wouma bwino. Amayi oumitsa nsomba m'madoko a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amaidziwa nambala imeneyi ndi maso, ngakhale kuti iwo amawerengera ndi ndowa osati ndi sikelo.

Taonani tsopano mmene kuphonya kumbali ziwirizi kumasiyanirana. Madzi a nsomba youma akakhala 15 m'malo mwa 12, yankho limatsika kuchoka pa 63 kufika pa 61, kusiyana kumene sikungasinthe chimene mungaphike. Koma madzi a nsomba yaiwisi mukawalemba 78 m'malo mwa 75, mapuloteni n'kuwasiya pa 18, gawo louma limakhala 22 ndipo yankho limalumpha kufika pa 72. Mapointi atatu omwewo asuntha yankho ndi awiri mbali ina ndi asanu ndi anayi mbali inayo, chifukwa nambala ya nsomba yaiwisi ndi imene tikugawira, ndipo ndi yaing'ono. N'chifukwa chake nthawi yanu ipite pa kusankha bwino manambala a nsomba yaiwisi kusiyana n'kudikira uvuni mpaka usiku. Ngati yankho lanu la nsomba yaing'ono yathunthu lapitirira 70, kapena latsika pansi pa 50 pamene nsombayo ilibe mchere wothira, bwererani mukaone pamene mwaphonya.

Masamu omwewa akufotokoza chinthu chimene ogula ambiri sachiganizira. Thumba la makilogalamu 10 la usipa wa madzi 12 peresenti lili ndi gawo louma lokwana makilogalamu 8.8. Likagona m'nyumba yachinyontho m'mwezi wa Januwale n'kuyamwa madzi mpaka 20 peresenti, limalemera makilogalamu 11, popeza 8.8 kugawa ndi 0.8 ndi 11. Mapuloteni a m'thumbamo sanasinthe, koma pa magalamu 100 alionse atsika kuchoka pa 63 kufika pa 58, ndipo amene akugula ndi sikelo walipira kilogalamu yathunthu ya madzi pa mtengo wa nsomba. Amene akugula ndi mulu kapena ndi ndowa vutoli silimukhudza kwambiri, koma ali ndi lake, loti ndowa ya usipa waukuluukulu imakhala ndi mipata yambiri kuposa ya bonya, choncho ayeze ndowa imodzi pa sikelo asanayambe kuwerengera.

Chachinayi: chotsani zimene si nsomba

Mzere wa masamu uja ukuganiza kuti chilichonse chouma m'mbale yanu chinachokera m'thupi la nsomba, pamene usipa woyanikidwa pansi umabwera ndi mchenga wa m'doko, umene umakakamira pa khungu nsomba ikadali yonyowa. Ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi pamene ndinkathandiza kukonza ndondomeko ya chakudya cha ana ogonera pasukulu ina. Ndinawerengera zonse bwinobwino pa pepala, koma nditapita kukhitchini ndinapeza mayi wophika akukhuthula beseni lotsukira, ndipo pansi pake panali mchenga woti n'kudzaza chikho. Anandiyang'ana n'kunena mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, uwunso munauwerengera ngati ndiwo?" Ndinali nditauwerengeradi.

Kuyeza mchenga n'kosavuta. Tengani magalamu 100 ena a usipa wosasinja, muutsuke m'beseni la madzi ofunda mukuutikita ndi zala, kenaka muuvuule ndi manja, osati kukhuthula beseni, kuti mchenga utsale pansi. Dikirani mphindi zingapo madzi adikhe, tsanulani pang'onopang'ono, tsukuluzani zotsalazo kawiri kuti timamba ndi tinyenyeswa topepuka tichoke, ndipo mchengawo muuyanike n'kuuyeza ukauma. Tiyerekeze kuti wakwana magalamu 6. Popeza mchenga suuluka mu uvuni, unali m'gulu la magalamu 88 aja, ndipo gawo louma lenileni la nsomba ndi 82. Bwerezani masamu:

```
18 × 82 ÷ 25 = 59
```

Kuyambira pano tigwiritsa ntchito 59. Usipa wa pa thandala lokwezedwa kapena wa m'matenti oumitsira ndi dzuwa umakhala ndi mchenga wochepa kwambiri, ndipo ngakhale utakwererako mtengo, gawo lina la mtengowo mumalipeza pamenepa.

Mchere wothira umachita chimodzimodzi, chifukwa nawonso umalemera ndipo umatsala mu uvuni. Pa nsomba yothiridwa mchere wambiri mapuloteni pa magalamu 100 amatsika kwambiri, ndipo mzere wa masamu uja sungagwire ntchito musanadziwe kuchuluka kwa mcherewo. Ngati munathira nokha, njira yoyeza musanayanike ndi mutayanika ndiyo yabwino, popeza imayambira pa mapuloteni onse amene analipo n'kuwagawa ndi kulemera komaliza, mchere uli momwemo.

Chachisanu: yezani chimene chimadyedwa pa nsomba yaikulu

Apa ndi pamene kuyerekeza kwambiri kumakhotera. Usipa timadya wathunthu, koma chambo timataya mamba, matumbo, makha, zipsepse ndi minga, pamene nambala ya m'buku, imene nthawi zambiri imakhala pafupi ndi magalamu 19 kapena 20 pa 100, imanena za mnofu wokha. Yezani chambo chathunthu monga mwachigulira, kenaka muchikonze, muchotse mnofu wonse umene mungathe chikadali chachiwisi, n'kuuyeza. Tiyerekeze kuti chambo cha magalamu 500 chakupatsani mnofu wa magalamu 250. Pa 19 peresenti, mapuloteni ake ndi magalamu 47.5, ndiye kuti pa magalamu 100 alionse amene munalipira mwapeza magalamu 9.5 okha. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mutu wa chambo sutayidwa, ndipo m'mabanja ena umakhala ndi mwini wake wodziwika amene amaupsopsona mpaka kutsala mafupa oyera. Ngati kwanu zili choncho, wonjezerani pang'ono pa mnofuwo, koma musawerengere kulemera konse kwa mutu, chifukwa gawo lalikulu ndi fupa.

Tsopano nsomba zitatuzi zikhoza kuima pa muyezo umodzi. Pa magalamu 100 ogulidwa, usipa wathu wouma ukupereka 59, usipa wauwisi 18, ndipo chambo chathunthu 9.5. Kilogalamu imodzi ya usipa woumawo ikufanana ndi makilogalamu 3.3 a usipa wauwisi, kapena makilogalamu opitirira pang'ono 6 a chambo. Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, choncho sindilemba makwacha pano, koma lamulo lake n'lokhazikika. Tengani mtengo wa kilogalamu ya usipa wauwisi n'kuuchulukitsa ndi 3.3, ndipo ngati kilogalamu ya wouma ikugulitsidwa pansi pa pamenepo, mapuloteni ake ndi otchipa. Pa chambo chulukitsani ndi 6. Munthu wokhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre akayesa zimenezi pamsika wake amadabwa kuona kuti nsomba imene imaoneka yodula pa kilogalamu nthawi zambiri ndiyo yotsika mtengo pa zimene thupi likufuna.

Chachisanu ndi chimodzi: fikani nazo m'mbale

Nambala ya pa magalamu 100 ilibe phindu mpaka mutadziwa kuti munthu mmodzi akudya magalamu angati, ndipo palibe amene amadya magalamu 100 a usipa wouma pa nkhomaliro imodzi. Yezani usipa mukadali musanautsuke ndiponso usanalowe mu mphika. Tiyerekeze banja la anthu asanu limene likuphika magalamu 150. Aliyense akupeza magalamu 30, ndipo 59 peresenti ya 30 ndi pafupifupi magalamu 18 a mapuloteni. Kuti banja lomweli lipeze zofanana ndi zimenezi pa usipa wauwisi liyenera kuphika theka la kilogalamu, ndipo pa chambo liyenera kugula ziwiri za magalamu 500 chilichonse. Pofuna kuona kukula kwa magalamu 18 amenewa, kumbukirani kuti lipoti la mabungwe a pansi pa United Nations a WHO, FAO ndi UNU la mu 2007 linaika mlingo wa munthu wamkulu pa magalamu 0.83 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza pafupifupi magalamu 50 kwa munthu wolemera makilogalamu 60. Ndiwo imodzi ya usipa yampatsa gawo limodzi mwa magawo atatu a zofunika pa tsikulo, ndipo zotsalazo zichokera ku nsima, nyemba, mtedza ndi zina.

Cholakwa chachikulu pa siteji imeneyi ndi kuyeza usipa wophikaphika n'kuuwerengera ndi nambala ya wouma. Mu mphika nsomba imayamwanso madzi, ndipo imasakanikirana ndi mafuta, tomato ndi anyezi, moti magalamu 30 aja akhoza kufika 60 kapena kupitirira m'mbale. Amene wachulukitsa 60 ndi 59 peresenti apeza magalamu 35, kuwirikiza kawiri zoona zake. Ngati simunathe kuyeza musanaphike, funsani wophika kuti anagwiritsa ntchito miyulu ingati kapena makapu angati, mukagule mulu wofanana nawo n'kuuyeza.

Ophika ambiri amadula mitu ya usipa ndi kufinya timimba pofuna kuchotsa kuwawa. Ngati kwanu mumatero, yezani mutadula, chifukwa magalamu 150 akhoza kutsala 120, ndipo gawo la munthu aliyense limatsika kuchoka pa magalamu 18 kufika pafupifupi 14 kapena 15. Nsomba yopanda mutu imakhala ndi mapuloteni okwererako pang'ono pa magalamu 100, popeza mutu uli ndi mafupa ambiri, koma kukwerako n'kochepa poyerekeza ndi zimene zapita kwa nkhuku, ndipo pamodzi ndi mituyo pamapitanso kashiamu wambiri.

Malire a masamuwa

Yankho limene mwapeza ndi loyerekeza, ndipo ndi bwino kulinena kuti lili pakati pa 55 ndi 63 kusiyana n'kulemba 59.04 ngati kuti mwachokera nalo ku labotale. Ngakhale nambala ya ku labotaleyo si kuwerenga kwa mapuloteni enieniwo. Njira yofala, imene Johan Kjeldahl wa ku Denmark anaifalitsa mu 1883, imayeza nayitirojeni yense wa m'chakudya, kenaka n'kumuchulukitsa ndi 6.25 poganiza kuti nayitirojeni ndi 16 peresenti ya mapuloteni. Nsomba ili ndi nayitirojeni wina amene sali m'mapuloteni, choncho nambala ya m'mabuku imakwera pang'ono kuposa zenizeni, ndipo kukwerako kumawirikizidwa katatu ndi theka pamodzi ndi zina zonse nsomba ikauma. Poyerekeza youma ndi yaiwisi zimenezi sizisokoneza, chifukwa mbali zonse ziwiri zakwera mofanana.

Mafuta amasintha malingana ndi nyengo ndi kukula kwa nsomba, ndipo m'nsomba yaiwisi mafuta akachuluka madzi amachepa. Usipa wonona, umene umasiya dontho la mafuta pa nyuzipepala yokulungira, uli ndi gawo louma lalikulu, koma mbali yaikulu ya kuwonjezekako ndi mafuta, kotero kuti ukauma mapuloteni ake pa magalamu 100 amakhala otsikirapo kusiyana ndi a usipa wowonda. Usipa wofutsa, umene umayamba waviikidwa m'madzi otentha usanayanikidwe, umasiya m'madzimo mafuta pang'ono ndi zina zosungunuka, koma kutayikaku n'kochepa moti mungathe kugwiritsa ntchito masamu omwewa. Pa nsomba yowamba ndi moto waukali mpaka kuda, kulemera kwa mapuloteni kumakhala kukadalipo, koma kutentha kumawononga mbali ina ya layisini, imene ndi imodzi mwa zinthu zopanga mapuloteni zimene chimanga chimaperewera ndipo nsomba imabwezeretsa, ndipo zimenezi sikelo siingazione.

Kwa amene amasunga nsomba zouma kwa miyezi, kaya pasukulu, kaya pa geni, ndi bwino kulemba kulemera kwa thumba pa tsiku logula ndi kuliyezanso pakatha milungu iwiri iliyonse, mutachotsera zimene mwatapamo. Thumba likalemera kuposa mmene liyenera kukhalira, layamwa madzi, ndipo mapuloteni onse akadalimo, koma muliyanikenso msanga nkhungu isanamere. Likapepuka pang'ono m'nyengo ya Okutobala nsomba zili zathunthu ndi zolira m'manja, langouma kwambiri, ndipo nambala ya pa magalamu 100 yakwera. Koma likapepuka pamene pansi pake pali fumbi lofiirira, nsomba zili ndi timabowo, ndipo mukuona timphutsi taubweya kapena tizikumbu takuda, pamenepo gawo louma lenilenilo ladyedwa. Tizilomboti timadya mnofu n'kusiya mafupa ndi khungu, choncho mapuloteni amatsika msanga kuposa mmene sikelo ikusonyezera, ndipo mlatho wa 18 pa 25 uja sugwiranso ntchito pa thumba limenelo. Pepetani, patulani nsomba zathunthu, muziyeze pazokha n'kuwerengera zokhazo, ndipo fumbi ndi makokowo musaziike m'masamu a chakudya cha anthu.